Zithunzi 12 za Ambuya ndi mau amene ndinatsala pang'ono kuwononga nao phwando

Ambuya athu anakwanitsa zaka 70 mu Ogasiti 2024. Kutatsala milungu itatu kuti tsiku lifike, akuluakulu anagawa nchito m'gulu la banja la pa WhatsApp. Amama ndi abale ao anatenga zophika, amalume anatenga tenti ndi mipando, msuweni wanga anatenga keke. Ine anandiuza kuti, "Iwe ndiwe wa pa wailesi. Tidzaonetsa zithunzi za Ambuya pa cipupa, ndipo udzakambako pang'ono pamene zizioneka." Ndinavomera mosaganiza kawiri. Ndimathandiza pa wailesi ya m'dera lathu Loweruka lililonse, ndipo maikolofoni sindiiopa. Ndinaona ngati ndi nchito ya madzulo amodzi.

Pofika Lacisanu, abale anali atatumiza zithunzi 146. Ndinazisanja motsatira zaka, kenako ndinakhala pansi n'kulemba mau oposa 1,000. Nditamaliza ndinawerengera mng'ono wanga. Anamvetsera mpaka pakati, ndiye anandidula: "Manje iwe, Ambuya ufuna kuwaika m'manda?"

Ndinakwiya, koma nditawerenganso ndinamva cimene iye anamva. Ndinali nditalemba kuti anabadwa caka cakuti, anakwatiwa caka cakuti, anabereka ana angati, anatumikira mu chalichi zaka zingati. Panangosowa mau akuti "asiya adzukulu". Ambiri a ife mbiri ya munthu timaimva ikuwerengedwa malo amodzi cabe, pa maliro. Conco ukapatsidwa nchito yokamba za moyo wa nkhalamba, dzanja limalemba lokha mbiri ya malemu. Koma Ambuya adzakhala pa mpando wakutsogolo, atavala citenge catsopano, akumvetsera liu lililonse.

Cinthu coyamba cimene ndinasintha cinali caching'ono m'kalembedwe: ndinacotsa "iwo" n'kuikapo "inu". M'malo mokamba za Ambuya kwa anthu, ndinayamba kukamba kwa Ambuya anthu akumva. "Anali mai wolimbikira nchito" ndi mau a kumanda. "Ambuya, makina aya munali kuwapalasa mpaka usiku" ndi mau a munthu amene ali ndi agogo ake amoyo. Ndipo ukamakamba ndi munthu maso ndi maso, zitamando zopanda kanthu zimakucititsa manyazi wekha. Sungamuuze kuti "ndinu mzati wa banja" katatu iye akukuyang'ana. Umakakamizika kuchula cinthu ceniceni cimene anacita.

Caciwiri cinali masamu. Pa wailesi timayeza zolemba ndi wochi, osati ndi maso. Ndinadziwerengera mokweza ndi foni m'manja, ndipo ndinapeza kuti ndikamawerenga Cinyanja mosathamanga, kuti nkhalamba imve, ndimakwanitsa mau pafupifupi 100 pa mphindi imodzi. Mau anga 1,000 aja anali mphindi khumi, osawerengera kuseka ndi kuombera m'manja. Zithunzi 146, ngakhale ciliconse citakhala masekondi asanu okha, zikanadya mphindi 12. Anthu amene amva kale fungo la nkhuku kuseri kwa nyumba sangakupatse nthawi yotere. Umadziwa kuti wapitirira ukaona mafoni ayamba kuwala m'manja mwa anthu, ana ayamba kuyendayenda, ndipo amai a kukhichini akusuzumira pakhomo.

Ndinasankha mphindi zinayi. Cithunzi ciliconse ndinacipatsa masekondi 20, ndiye kuti zithunzi 12. Pa masekondi 20 amenewo, asanu oyamba ndi a cete, kuti anthu aone, azindikire nkhope, aseke kapena afuule kuti "Aa, uja ndi uje!" Otsala 15 ndiwo anga, ndipo amakwana mau pafupifupi 25. Mau 25 kuculukitsa ka 12 ndi 300. Ndiye kuti pa zimene ndinalemba, zoposa magawo awiri mwa atatu zinafunika kutayidwa. Zithunzi 134 zotsala sizinatayike: tinaziika m'silaidi ina yoyenda yokha ndi nyimbo pa nthawi ya cakudya, popanda wokamba.

Masekondi asanu a cete aja ndiwo anandivuta kwambiri. Pa wailesi cete ndi mlandu. Ukangokhala cete pang'ono, womvera amaganiza kuti siteshoni yazima ndipo amasintha. Komanso pa wailesi iwe ndiwe maso a womvera: ukakhala ku bwalo la mpira umamuuza mtundu wa jezi, ukakhala pa msika umamuuza zimene zili pa thebulo. Pa zithunzi zonsezi zimatembenuka. Anthu ali ndi maso ao. Ukanena kuti "apa tikuona Ambuya ataimirira pafupi ndi maluwa", wataya masekondi ako kuwauza cimene aona kale.

Kuti ndidzigwire, ndinacita kamayeso kosavuta. Ndinaonetsa zithunzi 12 zija kwa mnzanga wa pa wailesi amene sadziwa banja lathu, n'kumupempha kuti anene zimene akuona. Ciliconse cimene anachula ndinacifuta m'zolemba zanga. Pa cithunzi ca mu situdiyo anati, "Mtsikana wovala diresi ya madontho, ali ndi wochi pamkono, waima pafupi ndi maluwa a pulasitiki." Zimenezo n'zimene ndinali nditalemba ndendende. Nditazifuta panatsala pepala loyera. Apa m'pamene ndinazindikira kuti zithunzi za Ambuya ndinali kuzidziwa, koma nkhani zake sindinali kuzidziwa.

Lamlungu pambuyo pa mapemphero ndinapita kwao ku Chilenje ndi laputopu. Ena m'banja anali kufuna kuti zonse zikhale zowadzidzimutsa Ambuya pa tsikulo. Ndinakana, ndipo mpaka lero ndiona kuti ndinacita bwino. Keke ikhoza kukhala ya cinsinsi, koma moyo wa munthu suuonetsa pa cipupa kwa anthu oposa 80 mwini wake asanauone.

Sindinawafunse kuti "Ambuya, ndiuzeni mbiri yanu", cifukwa funso lotere limabweretsa yankho la m'buku. Pa cithunzi ciliconse ndinafunsa tinthu ting'onoting'ono: anajambula ndani, tsiku limenelo munacokera kuti, covala ici munacipeza bwanji, ndani anaima pambali amene sakuoneka. Pa ca mu situdiyo cija anaseka mpaka kupukuta misozi. Diresi inali yobwereka kwa mnzao wa nyumba yoyandikana. Wochi inali ya wojambula, amene anali kubwereketsa aliyense wolowa, ndipo sinali kuyenda n'komwe. Anajambulitsa atangofika mu Lusaka, akugona m'cipinda cimodzi ndi mwana wakhanda, kuti atumize kumudzi amai ao aleke kudandaula. Mau a cithunzico anadzilemba okha:

"Ambuya, diresi iyi munabwereka. Wochi inali ya wojambula, ndipo sinali kuyenda. Munatumiza cithunzici kumudzi kuti amai anu aleke kulira kuti mwana wao avutika mu Lusaka."

Mau 25, ndipo palibe ngakhale limodzi limene maso akanaliona okha.

Tsiku lomwelo ndinapeza vuto limene ambiri a inu mudzalipeza. Ambuya anabadwa mu 1954 kumudzi ku Katete, nthawi imene dziko lino linali kuchedwa Northern Rhodesia ndipo Chipata anali Fort Jameson. Kumudzi kunalibe wa kamera. Cithunzi cao coyamba pa dziko lapansi ndi ca pa reji, cimene anajambulitsa atakwanitsa zaka 16. Msuweni wanga anati titenge pa intaneti cithunzi ca mudzi uliwonse wakale tiikepo. Ndinaona kuti kumeneko n'kunamiza anthu, ndipo anzao a Ambuya akanadziwa pomwepo kuti si kwao. M'malo mwake ndinayamba ndi silaidi yakuda bii, yopanda kanthu, n'kulembera mau awa:

"Ambuya, apa palibe cithunzi. Munabadwa mu 1954 kumene kunalibe kamera. Pamene mbendera ya Zambia inali kukwera mu 1964, munali ndi zaka khumi. Mtsikana ameneyo timamudziwira m'nkhani zanu cabe."

Pambuyo pa mdima umenewo m'pamene panabwera nkhope ya pa reji, yaikulu kudzaza cipupa.

Panali zithunzi ziwiri zimene zinabweretsa mkangano. Coyamba adzukulu tinali kucikonda ngako: Ambuya akugona pa sofa pa Khrisimasi, kukamwa kuli yasa, duku itagwa. Tinali kuona kuti anthu adzaseka. Iwo anaciyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Kudzabwera apongozi anga ndi azibusa. Cotsa." Ndinacotsa osatsutsa. Kuseka kumene mwini phwando sakusekako nao ndi kumuvula pagulu.

Caciwiri cinali ca amalume aakulu, mwana woyamba wa Ambuya, amene anamwalira mu 1996 atadwala nthawi yaitali. M'banja mwathu dzina lao silichulidwa kawirikawiri. Amama aakulu anandiimbira foni usiku n'kundiuza kuti, "Mwanawe, lija ndi tsiku la cisangalalo. Usatiliritse amai." Ndinamvetsa mantha ao, ndipo ndinapita kwa Ambuya nditakonzeka kucicotsa. Ndinangowaonetsa n'kufunsa ngati cikhalepo. Anakhala cete nthawi yaitali, cala cili pa sikirini. Kenako anati, "Ine ndinabala asanu ndi awiri. Ukaonetsa asanu ndi mmodzi, ndiye kuti ukuonetsa za munthu wina." Ndinabwerera kwa amama aakulu ndi mau amenewo monga mmene ananenedwera, osaonjezera anga. Sanayankhe zambiri, koma sanaletsenso.

Kwa cithunzi cimeneco ndinalemba mau ocepa kuposa ena onse. Sindinachule matenda, sindinachule cipatala. Ndinaciika pa nambala 7, pakati, kuti cisakhale coyamba kapena comaliza, ndipo pambuyo pake ndinaika ca adzukulu atapakana matope m'munda wa cimanga, kuti anthu apeze popumira.

Mau a Ambuya aja anandiphunzitsanso kuwerenga mitu. Pa phwando la banja aliyense amayang'ana cipupa akufunafuna nkhope yake ndi ya ana ake. Ndinalemba maina a ana asanu ndi awiri pa pepala, ndipo pa cithunzi ciliconse ndinaika cizindikiro pa amene akuonekamo. Ndinapeza kuti amama anali kuoneka kasanu, cifukwa zithunzi zambiri zinacokera m'alubamu yathu, pamene amalume a ku Kitwe sanali kuonekamo n'kamodzi komwe. Ndinasinthanitsa ziwiri mpaka aliyense anaoneka. Ndinadzitama kuti pamenepa ndatseka mipata yonse.

Za makina ndikambe mwacidule, cifukwa nazonso zikhoza kugwetsa mau abwino. Zithunzi zakale za pa pepala ndinazijambula ndi foni: kuzitulutsa m'mapulasitiki a alubamu, kuziika pa thebulo pafupi ndi windo koma osati padzuwa, kuzima fulashi, ndi kugwira foni molunjika pamwamba kuti nkhope zisapendekeke. Abale akutali ndinawapempha kuti atumizenso zao pa WhatsApp monga Document, cifukwa zotumizidwa mwa nthawi zonse zimacepetsedwa, ndipo pa cipupa zimaoneka zosawala bwino. Cithunzi coimirira ndinacisiya coimirira, m'mbali muli mwakuda, m'malo mocikoka kuti cidzaze sikirini n'kuwanenepetsa Ambuya. Pa silaidi iliyonse ndinalembapo caka cokha, m'manambala aakulu. Ukalemba ciganizo, anthu amawerenga n'kuleka kukumvera.

Mu PowerPoint, pansi pa Transitions, pali posankha kuti silaidi izisintha yokha pakapita masekondi akutiakuti, pa After, kapena izidikira munthu, pa On Mouse Click. Poyamba ndinaika masekondi 20 pa After cifukwa masamu anga anali okwana. Poyeserera, mng'ono wanga anaseka pa nkhani ya wochi, ine ndinadikira kuti amalize, ndipo cithunzi cinasintha ndisanathe ciganizo. Kucokera pamenepo mau onse anatsalira m'mbuyo, ndikukamba za makina osokera pamene pa sikirini pali ukwati. Ndinacotsa After n'kusiya On Mouse Click. Mng'ono wanga anakhala pa laputopu ndi kope la mau anga, lokhala ndi kanyenyezi pamene ayenera kudina, ndipo tinagwirizana kuti asadine ndisanamugwedezere mutu.

Caka cimeneco magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku lililonse cifukwa ca cilala cimene cinaphwetsa madzi ku Kariba, conco tinabwereka jenereta n'kuiika kuseri kwa nyumba ndi nthambo yaitali kuti phokoso lisamize mau. Titayesa pulojekita masana mu tenti, cipupa cinangoti mbee, osaoneka kanthu. Tinasuntha zithunzi pa pulogalamu kuti zibwere itakwana 6 koloko madzulo, dzuwa litalowa, keke isanadulidwe.

Nthawi itafika ndinaima pambali pa cipupa, osati kutsogolo kwake, moyang'ana Ambuya. Silaidi yakuda itabwera, mwana wina anafuula kuti, "Magetsi apita!" Anthu anaseka, ndinadikira, kenako ndinayamba. Pamene nkhope ya pa reji inaonekera, amai acikulire a ku chalichi analuluta. Pa nkhani ya wochi yosayenda, amalume anaseka mpaka kugwira mpando. Pa makina osokera ndinati: "Makina aya ndiwo analipira sukulu ya ana anu onse. Munali kusoka mayunifomu a ana a eni mpaka usiku ndi koloboyi, anu akugona pansi pa thebulo lomwelo." Ndinaona amama akuweramitsa mutu.

Kenako cinafika ca nambala 7. Ndinawerenga masekondi asanu mumtima, ndipo ndinati, "Awa ndi amalume aakulu, mwana wanu woyamba. Anatisiya mu 1996. Munati lero akhale nafe." Ndinali pafupi kugwedeza mutu kuti tipitirire pamene Ambuya anakweza dzanja. Popanda maikolofoni, anauza anthu kuti shati imene amalume anavala pa cithunzico anaisoka okha ndi nsalu yotsala ya makatani, ndipo mnyamatayo anaivala kukafunsira nchito yake yoyamba, n'kuipeza. Anakamba mwina mphindi imodzi. Amama aakulu analira, inde, koma analinso kuseka za makataniwo. Cithunzi cikanakhala cosintha cokha, nkhope ya amalume ikanacoka pa cipupa amai ao ali pakati pa ciganizo, n'kubwera ana a matope.

Ndinamaliza ndi cithunzi ca Ambuya cimene ndinajambula Lamlungu lija pakhonde pao, ndi mau akuti, "Uyu ndi inu sabata yatha. Cithunzi cotsatira tijambula lero, tonse. Zikomo, Ambuya." Anthu anaombera m'manja, ndipo ndinakhala pansi ndikudzimva kuti ndagwira nchito.

Ambuya anapempha maikolofoni. Anathokoza onse, kenako anatembenukira kwa ine n'kunena modekha kuti, "Mdzukulu wanga wakamba bwino. Koma pa cipupa paja sindinamuone mwana wanga wina." Anatuma mwana kukaitana amama aang'ono a ku Kanyama, amene tsiku lonse anali kuseri pa mbaula ndi mapoto. Iwo ndi mwana wa malemu mng'ono wao wa Ambuya. Anabwera m'nyumba muja ali ndi zaka zinayi, analeredwa pamodzi ndi amama, ndipo ndiwo amapita ndi Ambuya ku kiliniki mwezi uliwonse. Pa pepala langa la maina panali ana obadwa asanu ndi awiri. Woleredwa sindinamulembe. Ngakhale Lamlungu lija Ambuya sanaone kusowa kwao, cifukwa tinali kuyang'ana cithunzi cimodzicimodzi, ndipo ine sindinafunse funso limodzi lofunika: kodi pali amene akusowa? Pa zithunzi 146 zija iwo analimo m'zowerengeka cabe, nthawi zambiri kumbuyo, atanyamula mbale kapena mwana wa wina.

Anabwera akupukuta manja pa citenge, akucita manyazi. Ambuya anawakhazika pambali pao, ndipo keke anadula awiri. Palibe amene anandidzudzula, koma usiku umenewo sindinagone bwino. M'mawa ndinapita ku Kanyama kukapepesa. Anandiseka n'kunena kuti iwo sakonda kujambulidwa, koma pamene ndinawaonetsa cithunzi ca dzulo lake, iwo ndi Ambuya atagwira mpeni umodzi, anandipempha kuti ndikacitsukitse pa pepala.

Mukapatsidwa nchito imeneyi, mndandanda wa maina musaulembe nokha, ndipo musautenge kwa amene amakamba kwambiri m'gulu la banja. Khalani pansi ndi mwini phwando, mumufunse kuti ana ake ndi ndani, ndipo mulembe onse amene awachule. Fayilo ya Ambuya ndinaikonza sabata yomweyo ndisanaitumize kwa abale. Lomba ili ndi zithunzi 13, ndipo ca pa keke cija cili ndi mau ake 25.